Momwe mungakonzere nyumba za lendi mvula ya ku Joni isanayambe

Ndimayang'anira nyumba ziwiri za lendi ku Rosettenville, dera la mumzinda wa Johannesburg, ndipo ntchito imeneyi ndimaigwira mu Seputembala chaka chilichonse, chifukwa mvula ya kuno imayamba cha mu Okutobala, ndipo imagwa madzulo, yamphamvu, ya mabingu, nthawi zina ndi matalala. Njira yanga ndi yotsatira madzi kuchokera pamwamba pa denga mpaka atafika kumsewu. Musanapite, dziwitsani anthu okhala m'nyumbamo tsiku limene mudzabwere, popeza lamulo la za lendi la 1999 sililola mwini nyumba kumangolowa osadziwitsa.

Yambani ndi kuyang'ana siling'i m'chipinda chilichonse. Banga louma lofiirira likusonyeza pamene panadontha chaka chatha, koma banga lonyowa m'nyengo yopanda mvula kawirikawiri limachokera ku giza kapena paipi ya kudenga, choncho itanani pulambala, malata muwasiye. Kenako kwerani padenga m'mawa kusanatenthe, muziponda pamzere wa misomali, ndipo msomali uliwonse umene kamphira kake kang'aluka muusinthe. Ngati denga ndi la asibesitosi, musalikwere, kuliboola kapena kulipala, chifukwa limathyoka msanga ndipo fumbi lake limawononga mapapo.

Pamene ndinalakwitsa ine ndi pa ngalande yobisika. Nyumba zambiri zakale za ku Rosettenville ndi Turffontein zili ndi khoma lopitirira denga, ndipo kuseri kwa khomalo kuli ngalande ya malata imene simungaione mutaima pabwalo. Ngalande ya m'mphepete mwa denga ikadzaza, madzi amasefukira panja, koma yobisikayi ikadzaza, madzi amabwerera pansi pa malata n'kulowa m'nyumba. Chaka china ndinasesamo masamba, ndipo nditaona dzimbiri polumikizira malata ndinangopakapo penti yotchinga madzi imene ndinagula motchipa kwa munthu wina wogulitsa pa galimoto. Ndowayo inali yotsegula kale, pentiyo inali yamadzimadzi, koma ndinakopeka ndi mtengo. Mu Novembala maluwa a jakaranda anagwa n'kumatirira pakamwa pa paipi yotsitsa madzi, matalala anadzaunjikana pomwepo, ndipo pentiyo inasendeka ngati khungu la mbatata yophika. Amayi ena amene ankachita lendi m'chipinda cha kutsogolo anandiimbira usiku, ndipo ndinawapeza atakweza matiresi patebulo, madzi akuyenderera pawaya wa babu, mwana atamubereka kumsana.

Tsopano ndimachita motere. Ndikachotsa masamba ndi matope, ndimapala dzimbiri ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chioneke, ndipo ngati sikuludiraiva ikubowola ndikangokanikiza pang'ono, chigawo chimenecho n'chofunika kusintha, kumata sikungathandize. Ngati chitsulo chili cholimba, ndimapaka mankhwala a dzimbiri, kenako penti yotchinga madzi, n'kuyalapo kansalu kake pentiyo isanaume, ndipo ndimapakanso kawiri pamwamba, kudikira kuti yoyamba iume bwino. Penti yopanda kansalu imang'ambika polumikizira, chifukwa malata amafutukuka masana n'kubwerera usiku. Zikauma ndimaika paipi yothirira maluwa kumapeto kwa ngalande n'kutsegula madzi kwa mphindi khumi, munthu wina ataima pansi. Madzi akamatuluka mwaulesi, paipi yotsitsa yatsekeka pokhotera. Akadikha pakati pa ngalande, ndiye kuti yatitimira ndipo pamenepo padzaola. Pakamwa pa paipi ndimaikapo kasefa ka waya, ndipo mmisiri anandiboolera potulukira pena m'khomamo, pamwamba pang'ono pa poyambapo, kuti madzi akachuluka azigwera panja. Maluwa a jakaranda akatha kugwa ndimakweranso kukasesa kachiwiri.

Pansi, onetsetsani kuti paipi ikutaya madzi kutali ndi maziko ndipo bwalo latsetserekera kumsewu. Musalowetse madzi a mvula m'dzenje la madzi oipa a kukhitchini, ngakhale mmisiri atakuuzani kuti ndi chidule, chifukwa malamulo a mzinda amaletsa ndipo suweji imabwerera pabwalo. Kumene anamanga zipinda za kuseri, onani ngati khoma latsopano silinatseke njira ya madzi.

Za chinyezi n'zachidule. Penti yotukusira ndi ufa woyera m'munsi mwa khoma zimasonyeza madzi okwera kuchokera m'nthaka, choncho chotsani dothi lounjikana kuti likhale mamilimita 150 pansi pa pulasitiki yotchinga chinyezi ya m'maziko. Nkhungu yakuda kuseri kwa kabati nthawi zambiri imabwera ndi nthunzi yophikira m'chipinda chotseka, ndiye tsegulani timabowo ta mpweya timene anthu amatseka ndi mapepala m'nyengo yozizira. Jambulani zithunzi za zonse mwakonza, ndipo siyirani okhalamo nambala yanu ya foni.