Momwe mungadulire thirasi papepala kuti mupeze mphamvu ya chitsulo chimodzi osawerengera mfundo zonse

Amene anawolokapo Zambezi pakati pa Mutarara ndi Sena amaudziwa mlatho wa Dona Ana, womwe unamangidwa m'zaka za m'ma 1930 ndipo ndi wotalika kupitirira makilomita atatu ndi theka. Zitsulo zake zinalukana m'makona atatuatatu, ndipo chimango chotere ndiye thirasi, chomwe mabuku a Chipwitikizi amachitcha tirelisa, kapena asina chikakhala cha denga. Wophunzira akafunsidwa mphamvu imene ili m'chitsulo chimodzi cha pakati pa thirasi, kawirikawiri amayambira pa mzati n'kumawerengera mfundo imodziimodzi, kutanthauza malo amene zitsulo zakumana, mpaka kukafika pomwe akufuna. Njira yodula, imene mabuku ena amaitcha njira ya Ritter potengera dzina la Mjeremani August Ritter, imalumpha ulendo wonsewo, koma phindu lake lagona pa malo amene mwasankha kudula.

Tiyerekeze kuti pakufunika mlatho waung'ono wa anthu oyenda pansi pa kamtsinje kena ku Angonia, ndipo thirasi ya mbali imodzi yajambulidwa motere:

```
    H---I---J---K---L
   /|\  |\  |  /|  /|\
  / | \ | \ | / | / | \
 /  |  \|  \|/  |/  |  \
A---B---C---D---E---F---G
```

Kuchokera pa A kufika pa G ndi mamita 12, ogawidwa m'zipinda zisanu ndi chimodzi za mamita 2. Msinkhu wake ndi mamita 1.5, choncho chitsulo chopendama chilichonse ndi chotalika mamita 2.5. Matabwa opondapo agona pa mfundo za m'munsi, ndipo B, C, D, E ndi F iliyonse yasenza 10 kN, kulemera kofanana pafupifupi ndi matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Tikufuna mphamvu ya m'chitsulo chopendama ID, pamodzi ndi IJ ndi CD. Njira ya mfundo ikanatidutsitsa pa A, B, H, C kenako I, ndipo kulakwitsa kamodzi pa A kukanaipitsa mayankho onse otsatira.

Yambani ndi mizati

Musanadule kalikonse, pezani mphamvu imene mizati ikukankhira thirasi m'mwamba. Katundu yense ndi 50 kN ndipo wagawika mofanana mbali zonse, motero A ndi G uliwonse ukunyamula 25 kN. Ndi bwinonso kuwerenga zitsulo ndi mfundo. Pano zitsulo ndi 21, mphamvu zosadziwika za pa mizati ndi 3, ziwiri zoimirira ndi imodzi yogona, mfundo ndi 12, ndipo 21 + 3 = 2 × 12. Zitsulo zikachuluka kuposa pamenepa, malamulo a kukhazikika paokha sangakupatseni mphamvu zonse, ngakhale mutadula mwaluso bwanji.

Sankhani podula

Chidutswa cha thirasi chimene chakhala chilili chimamvera malamulo atatu okha: mphamvu zogona zikaphatikizidwa zimapereka ziro, zoimirira chimodzimodzi, ndipo momenti, kutanthauza mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda wake kuchokera pa malo amene mwasankha, nayonso imapereka ziro. Popeza malamulo ndi atatu, mzere wodula usadutse zitsulo zosadziwika zoposa zitatu. Uyenera kudutsa chitsulo chimene mukufunacho, ndiponso kulekanitsiratu thirasi kukhala zidutswa ziwiri, osasiya chitsulo ngakhale chimodzi chikulumikiza mbali ziwirizo.

Pali chinthu chinanso chimene ambiri sachiona msanga. Zitsulo zitatuzo zisakhale zokumana pa mfundo imodzi zonse. Mukazunguliza mzere pa B n'kudula AB, BH ndi BC, mwaduladi zitatu, koma lamulo la momenti silikuuzani kanthu chifukwa zonse zikudutsa pa B. Mudzadziwa kuti BH wasenza 10 kN ndi kuti AB ndi BC ndi zofanana, koma kukula kwake simukudziwa.

Mzere woongoka wotsika pakati pa C ndi D ukudula IJ, ID ndi CD basi. Musanalembe nambala iliyonse, funsani za chitsulo chilichonse mwa zitatuzi kuti ziwiri zotsalazo zikukumana pati, chifukwa pamenepo ndi pomwe mudzatengere momenti kuti zonse ziwiri zichoke m'masamu. ID ndi CD zikukumana pa D, ndiye D adzatipatsa IJ. IJ ndi ID zikukumana pa I, ndiye I adzatipatsa CD. IJ ndi CD sizikumana paliponse popeza zonse ndi zogona, koma chifukwa cha kugonako sizikoka m'mwamba kapena pansi, choncho lamulo la mphamvu zoimirira lidzatsala ndi ID yekha. Ngati funsoli layankhika pa chitsulo chimene mukufuna, mwadula pabwino.

Jambulani chidutswa chimodzi chokha

Tengani mbali imene ili ndi katundu wochepa. Kumanzere kuli A, B, C, H ndi I, ndipo mphamvu zakunja ndi zitatu: 25 kN yokwera pa A, ndi 10 kN yotsika pa B ndi pa C. Jambulani chidutswachi pachokha, ndipo pa chitsulo chilichonse chodulidwa ikani muvi woloza kunja, ngati kuti chitsulocho chikukokedwa. Yankho likatuluka ndi chizindikiro chochotsera, ndiye kuti chikupanikizidwa. Ine ndimalangiza kuti mivi yonse iziloza kunja ngakhale mukudziwa kale kuti chitsulo cha pamwamba chimapanikizidwa, chifukwa wosakaniza mivi amafika kumapeto ataiwala chimene chizindikiro chake chikutanthauza. Zitsulo zosadulidwa, monga AH, HC ndi CI, musazipatse muvi. Mphamvu zake zili m'kati mwa chidutswa ndipo zimafafanizana zokha.

Werengerani

Tiyambe ndi momenti pa D. Ena amadodoma poona kuti D sali pa chidutswa chathu, koma palibe vuto, pakuti momenti mungaitengere pa malo alionse, ngakhale m'malere. A ali mamita 6 kuchokera pa D, B mamita 4, C mamita 2, ndipo mzere wa IJ ukudutsa mamita 1.5 pamwamba pake.

```
25×6 − 10×4 − 10×2 + IJ×1.5 = 0
IJ = −60 kN
```

Chitsulo cha pamwamba chikupanikizidwa ndi 60 kN. Tikasamukira pa I, A ali mamita 4 kumanzere, B mamita 2, ndipo katundu wa pa C ali m'munsi mwenimweni mwa I, motero alibe momenti.

```
25×4 − 10×2 − CD×1.5 = 0
CD = 53.3 kN
```

Cha m'munsi chikukokedwa. Tsopano ID. Pa mamita 2.5 a utali wake chimatsika mamita 1.5, choncho gawo la mphamvu yake lolozera pansi ndi 1.5/2.5, lomwe ndi 0.6.

```
25 − 10 − 10 − 0.6×ID = 0
ID = 8.33 kN
```

Apa katundu wa pa C wabwerera m'masamu, ndipo amene anamusiya potenga momenti pa I nthawi zambiri amamuiwalanso pano n'kupeza 25 kN m'malo mwa 8.33 kN. Cholakwa chotere chimagwidwa ndi lamulo limene sitinaligwiritse ntchito, la mphamvu zogona. Gawo logona la ID ndi 2/2.5, lomwe ndi 0.8, ndipo 0.8 × 8.33 = 6.7. Tikaphatikiza −60 + 53.3 + 6.7 tikupeza ziro. Akanakhala 25 kN, pakanatsala pafupifupi 13 kN yopanda poipanira. Onaninso kuti yankho lililonse latuluka palokha, osadalira linzake.

Chitsulo choimirira chimafuna mzere wopendama

Mzere wotsika molunjika sungadule CI. Upendamitseni kuti udutse HI, CI ndi CD, kotero kuti C atsale kumanzere koma I apite kumanja. HI ndi CD ndi zogona, ndiye mphamvu zoimirira zikupereka 25 − 10 − 10 + CI = 0, ndipo CI akupanikizidwa ndi 5 kN. Pamenepa muyang'anitsitse mfundo imene katundu wakhalapo. Thirasi yomweyi ikanakhala ya denga la nyumba yosungiramo mbatata ku Ulongwe, katundu akanakhala pa mfundo za pamwamba, wa pa I akanagwera kumanja kwa mzere, ndipo CI akanapanikizidwa ndi 15 kN, pomwe IJ, ID ndi CD sizikanasintha konse.

Nanga JD? Mzere wodutsa IJ, JD, KD ndi DE ukudula zinayi, choncho si wothandiza. Palibe chifukwa choumirira njira imodzi. Pa J pakumana IJ ndi JK zomwe zili pa mzere umodzi, pa mlatho wathu katundu palibepo, motero JD alibe mphamvu. Chimodzimodzi, mzere wodula zinayi umatheka ngati chimodzi mwachipeza kale pa mfundo yapafupi kapena pa mzere wina.

Madenga ambiri a kuno ali ndi thirasi ya makona atatu, imene chitsulo kapena thabwa la pamwamba limakwera kupita ku msonga. Pamenepo lamulo la mphamvu zoimirira silisiyanso chopendama chokha, chifukwa cha pamwamba nachonso chili ndi gawo loimirira. Koma cha pamwamba ndi cha m'munsi tsopano zikukumana pa khoma, pomwe thirasi yatsamira, ndipo momenti ya pamenepo imachotsa ziwirizo pamodzi ndi mphamvu ya khomalo. Chosamala nacho ndi mtunda, womwe uyenera kuyezedwa molunjika kuchokera pa malowo kukagunda mzere wa chitsulo pa madigiri 90, osati motsata utali wa chitsulo. Chapafupi ndi kugawa mphamvuyo m'gawo logona ndi loimirira pa mfundo imene chitsulo chathera, kenako n'kuchulukitsa gawo lililonse ndi mtunda wake.

Chimene 8.33 kN sikukuuzani

Yankho la ID ndi la katundu amene tinaika, ndipo anthu pa mlatho samwazikana mofanana. Tiyerekeze kuti aunjikana pa B ndi C pokha, 10 kN iliyonse, ndipo kulemera kwa mlatho weniweniwo tikusiye pambali. Mzati wa A tsopano ukunyamula (10×10 + 10×8)/12 = 15 kN, ndipo mzere womwe uja ukupereka 15 − 10 − 10 − 0.6×ID = 0, kutanthauza kuti ID = −8.33 kN. Chitsulo chomwe chimakokedwa chija chayamba kupanikizidwa. Mkuzi wopyapyala wa mamita 2.5 umapirira kukokedwa bwinobwino, koma ukapanikizidwa umapindika msanga, choncho zopendama za pakati ziyesedwe ndi katundu wa mbali imodzi, monganso thirasi ya denga la malata iyenera kuyesedwa ndi mphepo yoikankhira m'mwamba. Masamu onsewa akutenganso kuti katundu wakhala pa mfundo. Mtanda wa denga ukakhomedwa pakati pa I ndi J, chitsulocho chimawerama kuphatikiza pa kupanikizidwa, ndipo kukula kwake kuyenera kusankhidwa ndi injiniya powerengera zonse ziwiri.