Mtunda wa mu M = Fd si utali wa sipanala

Ambiri akamawerengetsa momenti ya fosi, kutanthauza mphamvu yake yozungulitsa chinthu, amatenga utali wa sipanala n'kuchulukitsa ndi fosi. Zimenezi zimatheka pokhapokha fosiyo ikakhala pa madigiri 90 ndi sipanalayo. Mu M = Fd, d ndi mtunda waufupi kwambiri kuchokera pa bawuti kukafika pa mzere umene fosi ikutsata, ngakhale mutachita kuutalikitsa mzerewo pa pepala.

Tiyerekeze sipanala ya mamita 0.4 yogona chopingasa, bawuti ili kumanzere. Mukukoka kunsonga ndi fosi ya manyutoni 50, yoloza m'mwamba chakumanja pa madigiri 30 kuchokera pa sipanalayo. Apa d = 0.4 × sin 30° = 0.2, choncho momenti ndi 10 N·m, osati 20.

Kuchulukitsa mavekita mopingasa, M = r × F, kumapereka yankho lomwelo popanda kusaka d. Pano r, vekita yochokera pa bawuti kukafika pamene mukukoka, ndi (0.4, 0) ndipo F = (43.3, 25). Ndiye xFy − yFx = 0.4 × 25 − 0 × 43.3 = 10. Yankholi ndi lopitirira ziro, kutanthauza kuti sipanala ikuzungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi. Mukasinthanitsa n'kulemba F × r mupeza −10, ndiye samalani: r ndiye amayamba, ndipo amachokera pa bawuti.

Ine ndimagwiritsa ntchito d chithunzi chikakhala chosavuta, chifukwa maso amaona okha kumene chinthu chikuzungulira. Koma fosi ikakhala ndi zigawo zitatu, x, y ndi z, kusaka d n'kudzivutitsa chabe. Pamenepo tengani r × F, ndipo r akhoza kuthera paliponse pa mzere wa fosi, yankho silisintha.