Kutenga zithunzi na mapositi anu musanatseke akaunti ya Facebook

Malangizo awa ni a munthu amene waganiza zotseka akaunti yake ya Facebook koma afuna kutsala na zithunzi, mavidiyo na zimene analemba. Mawu a pa sikilini tawasiya m'Cizungu mmene alili, cifukwa ni mmene mudzawaonela pa foni yanu.

Coyamba mudziwe kuti kutseka kuli pawili, ndipo m'Cinyanja zonse timangoti kutseka. Deactivate account ni kugoneka akaunti: anthu sakuonani, koma zinthu zanu zonse zimatsala, ndipo tsiku limene mudzalowanso mudzazipeza. Delete account ni kufafanizilatu. Mukasankha iyi mumapatsidwa masiku 30 akuti musinthe maganizo. Masikuwo akapita simungalowenso, ndipo zithunzi zimene munalibe kwina zapita. Zonse zili pansipa muzicite musanafike pa batani ya Delete account.

Tsegulani Facebook, pitani pa Settings & privacy, ndiyeno Settings, Accounts Center, na Your information and permissions. Pamenepo mudzaona Download your information, kapena Export your information ngati apu yanu ni yatsopano. Maina awili koma cinthu n'cimodzi: mukupempha kuti akusonkhanitsileni zinthu zanu m'faelo imodzi kuti muikope. Ngati Instagram yanu ni yolumikizidwa, adzakufunsani akaunti imene mufuna. Sankhani ya Facebook, ndipo posankha kotumiza faelo tengani Download to device kapena Export to device, kutanthauza kuti ibwele mu foni kapena mu kompyuta yanu.

Pali mafunso atatu amene ambili amangodutsa osawelenga, ndipo ni pamene zinthu zimalakwika.

Date range ni nthawi imene faelo iyambile na pamene ithele. Musasiye mmene mwapezela. Tinikani pamenepo na kusankha All time, kuti atenge kucokela tsiku limene munatsegula akaunti. Mlongosi wanga ku Chipata anacita zonse bwino koma apa anasiya pa Last year. Faelo inabwela, iye anaona kuti yalowa mu foni, n'kufafaniza akaunti madzulo omwewo. Patapita mlungu anafuna kuonetsa ana cithunzi ca malemu amayi, cija anavala duku yobiliwila pa ukwati mu 2015, ndiye anapeza kuti m'faelo muli za caka cimodzi cabe. Cinatipulumutsa n'cakuti masiku 30 anali asanathe. Tinalowanso na pasiwedi yake, tinatinika Cancel deletion, n'kupempha faelo ina ya All time. Sembe anacedwa mwezi wathunthu, cithunzi cija sitikanacionanso, pakuti foni imene anajambulila inatayika kalekale.

Format ali na zosankha ziwili, HTML na JSON. Mawu amenewa alibe Cinyanja cake, koma kusiyana kwake n'kosavuta. HTML imatseguka monga tsamba, mumaona positi, deti na cithunzi pamodzi, mmene munazolowela. JSON inapangidwila mapulogilamu a kompyuta, ndipo mukaitsegula mudzaona mizele ya zilembo na zizindikilo. Ngati colinga canu n'kusunga kuti muziwelenga, tengani HTML.

Media quality ni ubwino wa zithunzi na mavidiyo. Sankhani wapamwamba kwambili pa mndandandawo. Faelo idzakula, inde, koma uyu ndiye kope wanu wotsiliza. Dziwaninso kuti cimene mudzalandila ni cithunzi mmene Facebook anacisungila, ndipo nthawi zambili cimakhala cocepetsedwa kuyelekezela na cimene kamela inajambula. Conco zithunzi zimene zikali mu foni kapena pa memoli khadi musazifafanize poganiza kuti za m'faelo zalowa m'malo mwake.

Mukatsiliza tinikani Create files kapena Start export. Faelo sibwela pamenepo. Kwa ena imatenga maola ocepa, kwa amene ali na zaka zambili na mavidiyo ambili ingatenge masiku. Ikakonzeka amakudziwitsani pa Facebook na pa imelo, ndipo imakhalapo masiku 4 cabe. Mukaphonya mufunika kupempha cipya. Pokopa adzakufunsani pasiwedi ya akaunti, ndiye ngati munaiwala cifukwa foni imangolowa yokha, ikonzeni lelo SIM khadi imene munalembetsela ikali kugwila nchito.

Malangizo a eni ake sakamba za bandulo, koma kuno ni nkhani yaikulu. Faelo yaciwili ya mlongosi wanga inapitilila 2 GB. Onani kukula kwa faelo musanatinike Download, muone ngati bandulo ikwana komanso ngati mu foni muli malo. Malo afunika kuwilikiza kawili, cifukwa faelo imabwela yomangidwa, ya mtundu wa ZIP, ndipo mukaimasula zinthu za mkati zimatenganso malo ena. Foni ikhale yochajidwa, malaiti angapite muli pakati. Ngati mwapeza waifai yodalilika, gwilitsilani nchito imeneyo. Akaunti ikakhala yaikulu amaigawa m'mafaelo angapo, ndipo mufunika kukopa onse, osati oyamba cabe. Mukakopela pa kompyuta ya mu kafe, samutsilani pa fulashi yanu, fafanizani yotsala pa kompyutayo na mu Recycle Bin, ndipo tulukani mu akaunti. M'faelo imeneyi muli mauthenga anu, nambala ya foni na maina a anzanu, ndipo ilibe loko: aliyense woipeza angawelenge.

Lomba masulani faelo. Pa foni ya Android, apu ya mafaelo imakupatsani batani ya Extract. Mkati sakilani `start_here.html`, kapena `index.html` ngati ni mmene yalembedwela, ndipo itseguleni. Pitani ku mapositi na ku ma alubamu, mufune cithunzi cakale kwambili cimene mukumbuka. Cikapezeka, All time inagwila. Tsegulaninso vidiyo imodzi muone ngati iseŵela mpaka kumapeto. Faelo ikakana kumasuka, kawilikawili ndiye kuti intaneti inaduka pokopa, ndipo mufunika kukopanso masiku 4 aja asanathe.

Pali zinthu zimene simudzapezamo ngakhale mutacita zonse molondola. Zithunzi zimene anaika ni anthu ena, inu n'kungoikidwapo dzina, n'za eni ake ndipo sizibwela m'faelo yanu. Ambili a ife zithunzi zathu za pa cinkhoswe, pa cikondwelelo ca kumaliza sukulu kapena za ku Nc'wala ku Mtenguleni anaika ni msuweni kapena mnzathu. Zimenezo muzitsegule cimodzicimodzi n'kusunga mu foni akaunti ikali yotseguka, kapena mupemphe mwiniwake akutumizileni. Mauthenga a pa Messenger amene ali na end-to-end encryption, kutanthauza kuti ni otsekedwa moti amawelenga ni inu awili cabe, nawonso sabwela pamodzi na zina. Amakopedwa padela mu Messenger pa kompyuta. Ngati muli mauthenga a mawu a munthu amene anatisiya, yambani na amenewo.

Ngati muli na peji ya bizinesi kapena ya kwaya imene mumayendetsa mwekha, patsani munthu wina ulamulo wonse coyamba, apo ayi idzapita pamodzi na akaunti. Mapulogilamu amene mumalowamo na Continue with Facebook muwaikile imelo na pasiwedi yawoyawo.

Faelo yomasulidwa isungeni malo awili, mwacitsanzo pa kompyuta na pa fulashi imene sicoka pa nyumba. Zikatelo bwelelani ku Accounts Center, Personal details, Account ownership and control, ndiyeno Deactivation or deletion, musankhe Delete account. Lembani deti ya tsikulo penapake kuti mudziwe pamene masiku 30 adzathela.