Mmene ndinakonzera modelo ya EER ya ogwira ntchito

Modelo ya EER, chojambula chosonyeza magulu a zinthu mu detabesi ndi mmene amalumikizirana, inkandivuta pa detabesi ya ogwira ntchito. Ndinali ndi matebulo awiri, `Mphunzitsi` ndi `Woyang'anira`, onse ali ndi dzina, nambala ndi tsiku lolembedwa ntchito. Munthu amene amaphunzitsa komanso kuyang'anira dipatimenti ankalowa kawiri, ndiye ukasintha dzina uku, uko latsala lakale.

Choyamba ndinapanga jeneralaizeshoni, kutenga zofanana zija nkuzikweza ku gulu limodzi lapamwamba, `Wantchito`, kiyi yake `id`. Pansi panatsala zosiyana zokha, mphunzitsi ndi phunziro lake, woyang'anira ndi dipatimenti yake. Spesholaizeshoni ndi njira yomweyo koma kuyambira pamwamba kutsika.

Nkhani yeniyeni inali pa kabwalo ka pa chojambula kamene kamalumikiza gulu lapamwamba ndi magulu apansi. Mukalembamo `d` ndiye kuti munthu akhale mgulu limodzi basi, `o` akhoza kupezeka mmagulu angapo. Apa pamafunika `o`, ndipo kolamu imodzi ya `mtundu` yosonyeza gulu la munthu singathe chifukwa imasunga yankho limodzi, mukaona anthu akulembamo "zonse" dziwani kuti zavuta kale. Ndiye gulu lililonse ndinalipatsa tebulo lake, `id` ikhale kiyi komanso iziloza ku `Wantchito`, munthu wa ntchito ziwiri uja ali ndi mzere umodzi pamwamba ndi umodzi mtebulo lililonse pansipa.

Samalani, `d` kapena `o` sanena ngati aliyense ayenera kukhala mgulu. Dalaivala si mphunzitsi komanso si woyang'anira, ndiye mzere wochoka pa `Wantchito` kupita pa kabwalo ndinajambula umodzi osati iwiri, chifukwa iwiri imatanthauza kuti aliyense ayenera kukhala mgulu.