Mbewu ikatengedwa m'thumba osabwezedwa

Pokonza ntchito ya ophunzira a sekondale ku Ulongwe, ndinapeza yankho lolakwika pa funso ili: m'thumba muli nyemba 6 ndi nandolo 4, mwatenga mbewu ziwiri osabwezera. Mwayi woti zonse ndi nandolo ndi wotani? Ambiri analemba 4/10 × 4/10 = 0,16.

Chondidziwitsa kulakwikako chinali 10 wobwerezedwa pansiyo. Amatanthauza kuti thumba silinasinthe, ngati kutenga kwachiwiri sikudalira koyamba.

Ndinabweretsa mbewu zenizeni, wina anatenga nandolo mmodzi, tinawerenga zotsala: mbewu 9, nandolo 3. Choncho 4/10 × 3/9 = 2/15, pafupifupi 0,13. Yankho lawo likanakhoza mbewu yoyamba ikanabwezedwa m'thumba.