Chifukwa Chake Sikelo Imaima Patapita Masabata Angapo Munthu Atachepetsa Chakudya

Anthu ambiri kuno ku Mangochi amene analangizidwa kuchipatala kuti achepetse thupi, makamaka amene anapezeka ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, amabwera ndi dandaulo lofanana. Amati masabata awiri kapena atatu oyambirira sikelo inkatsika bwino, chitenje n'kuyamba kukhwefuka m'chiuno, koma mwezi wachiwiri usanathe zonse zinaima ngakhale kuti akupitiriza kudzimana. Ena amafika poganiza kuti thupi lawo ndi lachibadwa ndipo silingasinthe, ena amathamangira tiyi ndi mankhwala ochepetsa thupi ogulitsidwa mumsika, pamene ena amayamba kugona ndi njala. Zimandidetsa nkhawa kuona zimenezi, chifukwa kuima kwa sikelo kuli ndi zifukwa zodziwika bwino, ndipo munthu akazimvetsa amadziwa pokonza popanda kudzivulaza.

Choyamba chofunika kudziwa n'chakuti zambiri zimene zimachoka m'masabata oyambirira ndi madzi, osati mafuta. Thupi limasunga gawo lina la shuga wochokera ku nsima, mpunga, chinangwa ndi mbatata m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo shuga wosungidwayu amatchedwa gilaikojeni. Munthu wamkulu amakhala naye pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo galamu iliyonse imagwira madzi okwana pafupifupi magalamu atatu. Munthu akachepetsa mitanda ya nsima, thupi limayamba kudya nkhokwe imeneyi, madzi amene inagwira n'kutuluka ndi mkodzo. Ngati wachepetsanso mchere, madzi enanso amatuluka, komanso m'mimba mumakhala chakudya chochepa kusiyana ndi kale. Zonsezi zimaoneka pa sikelo mwamsanga, koma zimachitika kamodzi kokha, chifukwa nkhokwe ikaphwa palibenso madzi ena oti atuluke mwa njira imeneyi.

Mafuta a m'thupi sachoka mothamanga choncho. Mphamvu ya chakudya timaiyeza m'makalori, ndipo kuti kilogalamu imodzi ya mafuta ichoke pamafunika kuti thupi ligwiritse ntchito makalori pafupifupi 7,700 kuposa amene lalandira.

Tiyeni tione chitsanzo cha mayi wogulitsa nsomba mumsika wa pa boma, wolemera makilogalamu 86, amene wauzidwa kuti magazi ake akuthamanga. Tiyerekeze kuti thupi lake limafuna makalori 2,300 pa tsiku kuti likhale pomwe lili. Mayiyu wachepetsa nsima kuchoka pa mitanda itatu kufika pa iwiri masana ndi madzulo, wasiya chakumwa cha m'botolo chimene ankamwa dzuwa likaswa mtengo, ndipo tsopano akudya makalori 1,800. Mpata pakati pa chimene thupi likufuna ndi chimene likulandira ndi makalori 500 pa tsiku. M'masiku 14 mpata umenewu ukwana makalori 7,000, kutanthauza kuti mafuta amene achoka sanakwane n'komwe kilogalamu imodzi. Koma sikelo ikuonetsa 83 ndi theka, ndipo mayiyu akusangalala kuti wataya makilogalamu awiri ndi theka. Oposa theka la zimene wataya ndi madzi. Sabata yachitatu ikafika, madzi atha kutuluka, chotsala n'kuchoka kwa mafuta kumene kumayenda pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata, ndipo iye amaona ngati zinthu zabwerera m'mbuyo, pamene mafuta akuchoka pa liwiro lomwe lija la poyamba.

Pakatha masabata ena asanu ndi limodzi, mayiyu wafika pa makilogalamu 80, ndipo apa ndi pamene sikelo imaimiratu. Chimene chachitika n'chakuti mpata uja wa makalori 500 watsekeka, ndipo watsekeka kuchokera mbali zonse ziwiri.

Mbali yoyamba ndi ya thupi lenilenilo. Bwato lopepuka silifuna mafuta ambiri a injini ngati bwato lodzaza katundu, ndipo thupi la makilogalamu 80 silifuna mphamvu yofanana ndi la makilogalamu 86, kaya munthu ali chigonere kapena akuyenda. Pa kilogalamu iliyonse imene yachoka, chimene thupi limafuna pa tsiku chimatsika ndi makalori apakati pa 20 ndi 25. Kwa mayi wathuyu ndiye kuti makalori pafupifupi 140 achoka pa mpata uja popanda iye kusintha chilichonse m'mbale mwake. Kuwonjezera apo, thupi likaona kuti chakudya chachepa limayamba kusinira mphamvu, ndipo munthu amachepetsa kuyendayenda asakudziwa. Amene ankayenda wapansi kuchoka kunyumba kupita kumsika amayamba kukwera kabaza, amene ankatunga yekha madzi amatuma ana, ndipo m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kwa kunyanja kuno kumafooketsa aliyense, munthu amatha kukhala pa mkeka pansi pa mtengo masana onse. Tisakokomeze nkhani imeneyi: kusinira kwa thupi kulipodi, koma sikufika poti munthu amene akudya zochepa kwenikweni asiyiretu kutaya mafuta. Mawu akuti thupi latseka ndipo likusandutsa ngakhale madzi kukhala mafuta si oona.

Mbali yachiwiri, imene nthawi zambiri imakhala yaikulu kuposa yoyamba, ndi ya chakudya chimene chimabwerera pang'onopang'ono. Mafuta a m'thupi akachepa, timadzi ta m'magazi timene timauza ubongo kuti munthu wakhuta timachepanso, pamene timene timadzutsa njala timachuluka. Njala imeneyi si ulesi kapena kusadziletsa, ndi mmene thupi limatetezera nkhokwe yake, ndipo imakula pamene thupi likutsika. Vuto lake n'lakuti sibwera moonekera. Mayi uja akadali pa mitanda iwiri, ndipo akanena kuti sanasinthe kadyedwe sakunama, koma dzanja logwira chipande layamba kulemera, moti mitanda iwiri ya lero ikuyandikira itatu ya kale. Pokazinga usipa kapena utaka amathira mafuta molingalira ndi maso kuchokera m'botolo, pamene supuni yaikulu imodzi yokha ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Njala ikam'gwira cha m'ma 10 koloko amagula ndasi limodzi, limene makalori ake amapitirira 150 mosavuta, n'kumwera tiyi wa masupuni atatu a shuga, amene ndi makalori enanso 50 kapena kuposerapo. Tikaphatikiza zitatu zokhazi tikupeza makalori oposa 320, ndipo tikawonjezera 140 aja a thupi lopepuka, pa mpata wa 500 sipatsala kanthu kooneka. Sitinawerengere thobwa wotsekemera wa kwa mnansi, mtedza wokazinga wodzaza dzanja, kapena mpunga wa pa ukwati Loweruka, umene tsiku limodzi ungafafanize zimene munthu anadzimana masiku anayi.

Musanaweruze kuti thupi laimadi, onetsetsani kuti sikelo sikukunamizani. Kulemera kwa munthu kumasintha ndi kilogalamu imodzi kapena kuposerapo tsiku limodzi lomwelo chifukwa cha madzi okha. Nsomba youma yothira mchere wambiri imasungitsa madzi m'thupi, kudzimbidwa kumawonjezera kulemera, ndipo amayi ambiri amalemera kwambiri masiku oyandikira kusamba. Munthu amene wayamba kulima kapena ntchito ina yolemetsa amasunganso madzi m'minofu yopweteka kwa masiku angapo. Choncho dziyezeni pa sikelo imodzi yomweyo, kamodzi pa sabata, m'mawa mutakodza koma musanadye, mutavala zovala zofanana, ndipo muzilemba m'kope. Pezaninso tepi ya telala muziyeza mimba modutsa pa mchombo, mutatulutsa mpweya bwinobwino osakoka mimba. Ngati sikelo yaima koma tepi ikutsika, mafuta akuchoka ndipo palibe choti musinthe. Ngati zonse ziwiri sizinasunthe kwa masabata anayi otsatizana, pamenepo ndiye mpata watsekekadi.

Zikatero, langizo langa n'lakuti musathamangire kudula nsima kachiwiri, koma muyambe mwalemba chilichonse cholowa m'kamwa kwa masiku asanu ndi awiri, kuphatikizapo zolawa pophika ndi zotsala za ana. Amene salemba angagwiritse ntchito mbale imodzi yomweyo tsiku lililonse kuti azionera kuchuluka kwa nsima, ndipo mafuta ndi shuga aziyeza ndi supuni m'malo mothira ndi maso. Kawirikawiri zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zatseka mpata zimaonekera sabata yomweyo, ndipo kuzichotsa n'kokwanira kuti sikelo iyambenso kuyenda, ngakhale kuti sidzathamanganso ngati masabata oyamba aja.

Njala muyenera kulimbana nayo ndi chakudya choyenera, osati ndi kupirira kokha. Kuno tili ndi mwayi wa nsomba, ndipo usipa, utaka, kambuzi kapena chambo chowotcha kapena chophika ndi tomato chimakhalitsa m'mimba kusiyana ndi mandasi, komanso chimathandiza kuti pochepetsa thupi minofu isathe pamodzi ndi mafuta. Nyemba, nandolo, khobwe ndi mazira zimagwira ntchito yomweyo. Theka la mbale likhale masamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru kapena therere, ndipo nsima ya mgaiwa imakhutitsa nthawi yaitali kuposa ya ufa woyera. Kuyenda wapansi mwandawala mphindi 30 m'mamawa kusanatenthe kumabweza gawo la mphamvu zimene thupi linasiya kugwiritsa ntchito, ndipo kugona mokwanira kumachepetsa chilakolako cha zotsekemera. Kudumpha chakudya tsiku lonse n'kudzadya zambiri usiku sikuthandiza, monga amadziwira abale athu ambiri amene amasala m'mwezi wa Ramadhani: amaphwa masiku oyambirira, koma ngati pofutulu pachuluka zokazinga ndi zotsekemera, mwezi umatha thupi lili pomwe linali.

Pali anthu ena amene ayenera kukaonana ndi achipatala asanasinthe chilichonse. Mankhwala ena, monga jakisoni wolera wa miyezi itatu, ma ARV ena, insulini ndi mankhwala ena a matenda a maganizo, amatha kunenepetsa kapena kuchedwetsa kutsika kwa thupi, koma munthu asawasiye payekha, akafotokoze kuchipatala kumene amawalandira. Wodwala shuga amene ali pa mankhwala asachepetse chakudya kwambiri popanda uphungu, chifukwa shuga angatsike mpaka kukomoka. Ngati sikelo ikukwera pamodzi ndi kutupa mapazi kapena nkhope, kapena kupuma mobanika, amenewo angakhale madzi obwera chifukwa cha vuto la mtima kapena impso, ndipo mayi wa msinkhu wobereka amene wadumphitsa kusamba ayezetse kaye ngati ali woyembekezera, popeza nthawi ya pakati si nthawi yochepetsa thupi.

Mayi wathu uja, amene wachoka pa 86 kufika pa 80, wataya pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse a kulemera kwake, ndipo kutsika kwa magawo 5 mpaka 10 pa 100 n'kokwanira kale kuthandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Ngati watopa ndi kudzimana, palibe cholakwika kuti akhale pa 80 kwa mwezi umodzi kapena iwiri, akudziyeza sabata iliyonse kuti asakwerenso, kenaka ayambirenso ndi mpata wocheperapo wa makalori 300 pa tsiku, umene ungachotse kilogalamu imodzi kapena kupitirira pang'ono pa mwezi.