Musanapereke yankho lochokera pa foni: momwe mungalitsimikizire

Ophunzira anga, ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mumajambula funso la masamu ndi foni, nkulipereka ku Photomath, Google Lens kapena ChatGPT, yankho nkutuluka nthawi yomweyo. Pa ntchito yoyeserera ya kalasi yathu sindikukuletsani. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti ndikamachonga ndikupeza mayankho olembedwa mwaukhondo, njira yake yooneka yolongosoka, koma akuyankha funso limene sindinafunse. Choncho musanapereke asayinimenti ina, tsatirani njira iyi.

Dziwani kaye kuti pulogalamuyo imagwira ntchito ziwiri. Imayamba yawerenga chithunzi nkuchisandutsa zilembo ndi manambala, kenako imasova zimene yawerengazo. Ikhoza kulakwitsa powerenga, ikhozanso kulakwitsa posova, ndipo kulakwitsa kulikonse kuli ndi kagwiridwe kake.

Poyamba, onani funso limene makina awerenga

Musathamangire kumunsi kumene kuli yankho. Pitani pamwamba, pamene pulogalamu yalembanso funso lanu, muike pepala la mafunso pambali, ndipo mufananize chizindikiro chimodzichimodzi. Ngati pulogalamu yanu siikuonetsa zimene yawerenga, ilamuleni ilembe funsolo kaye isanayambe kusova.

Tiyeni titenge samu iyi:

```
√(x + 7) = x − 5
```

Papepala, mabulaketi amenewa nthawi zambiri sitilemba. Timangokoka mzere wa sikweya ruti kuti uphimbe x + 7 yense. Ndiye tiyerekeze kuti munakopera samuyi mofulumira kuchokera pa bolodi, mzere uja nkufupika, kapena chithunzi chagwa mthunzi pamwamba pa 7. Makina akhoza kuwerenga chonchi:

```
√x + 7 = x − 5
```

Iyi ndi samu inanso. Yankho lake ndi x = 16, ndipo pa samu imeneyi ndi lolondola ndithu: sikweya ruti ya 16 ndi 4, kuphatikiza 7 ndi 11, mbali inayo 16 kuchotsa 5 ndi 11. Mzere uliwonse wa njira yake udzakhala wopanda cholakwa. Ndiye chifukwa chake kulakwitsa kwa mtundu uwu kumapusitsa ngakhale wophunzira wanzeru. Mukhoza kuwerenga njira yonse kawiri katatu osapezamo kanthu, poti vuto linalowa mzere woyamba usanalembedwe.

Malo ena amene kuwerenga kumasokonekera kawirikawiri ndi kamzere kochotsera kakazimiririka, kadontho ka desimo, kanambala kakang'ono ka pamwamba monga 2 wa mu x², komanso zilembo zofanana maonekedwe: 1 ndi 7, z ndi 2, x ndi chizindikiro chochulukitsira. Mukapeza kuti yawerenga molakwika, ndi bwino kutayipa samuyo ndi manja, mabulaketi onse muikemo. Mukafuna kujambulanso, yalani pepala pa tebulo pamalo owala, foni iloze molunjika kuchokera pamwamba, ndipo chithunzi chikhale cha funso limodzi lokha.

Chachiwiri, bwezerani yankho mu funso la papepala

Ndikuti la papepala, osati la pa foni. Mukabwezera 16 mu samu imene makina anawerenga molakwika ija, zonse zigwirizana ndipo mudzinamiza nokha. Mubwezereni mu samu yeniyeni: 16 kuphatikiza 7 ndi 23, sikweya ruti ya 23 ndi pafupifupi 4.8, pamene mbali ya kumanja ikupereka 11. Mbali ziwirizi sizikufanana, choncho 16 si yankho.

Tsopano tinene kuti makina awerenga bwino. Njira yake ndi kuchita sikweya mbali zonse ziwiri:

```
x + 7 = x² − 10x + 25
x² − 11x + 18 = 0
(x − 9)(x − 2) = 0
```

Apa patuluka manambala awiri, 9 ndi 2. Pulogalamu yosamala imataya imodzi, koma mapulogalamu ochezerana nawo aja nthawi zina amapereka onse awiri, ndipo wophunzira wothamanga amangokopera mzere umenewu nkutseka kope. Yesani 9: sikweya ruti ya 16 ndi 4, ndipo 9 kuchotsa 5 ndi 4. Wadutsa. Yesani 2: sikweya ruti ya 9 ndi 3, koma 2 kuchotsa 5 ndi −3. Wakanika.

Nanga 2 wachokera kuti? Wabadwa pamene tinachita sikweya. Sikweya ya 3 ndi 9, sikweya ya −3 ndi 9 yemweyo, choncho manambala awiri amene anali osiyana aoneka ofanana. Chizindikiro cha √ chimapereka nambala yosatsika pansi pa ziro, ndiye x − 5 nayenso sangatsike pansi pa ziro, kutanthauza kuti x ayenera kukhala 5 kapena kuposerapo. Yankho ndi x = 9 basi. Nthawi iliyonse mukaona kuti njira yachita sikweya mbali zonse, kapena yachulukitsa ndi chinthu chokhala ndi x, yesani yankho lililonse palokha.

Chachitatu, yerekezani kukula kwa yankho

Masamu ena alibe pobwezera mosavuta, makamaka a mawu. Pamenepo dzifunseni kuti yankho likuyenera kugwera pati. Tengani K200,000 yosungitsidwa zaka 3 pa chiwongola dzanja cha 10 peresenti pachaka, chimene chimaberekerana. Samu yake ndi 200,000 × (1.1)³, ndipo imapereka K266,200. Makina akawerenga (1.1)³ ngati 1.13, akupatsani K226,000. Manambala awiriwa amaoneka ngati pachibale, diso lotopa silingawasiyanitse. Koma werengani m'mutu: chiwongola dzanja chosaberekerana chikanakhala K20,000 pachaka, K60,000 pa zaka zitatu, zonse pamodzi K260,000. Choberekerana sichingachepere pamenepo, ndiye K226,000 ndi yolakwika musanagwire ndi kakyuleta yomwe.

A masamu a makona, onaninso ngati makina agwiritsa ntchito madigiri kapena maradiyani. `sin 30` pa madigiri ndi 0.5, pa maradiyani ndi pafupifupi −0.988.

Chachinayi, tembenuzani foni, mulembe nokha

Yankho likadutsa mayeso atatuwa, ikani foni chafufumimba, mutenge pepala latsopano, musove samuyo kuyambira pachiyambi. Pamene mwakakamira ndi pamene simunamvetse, ndipo pamenepo mpamene muyenera kubwera napo kwa ine kapena kwa mnzanu wa m'gulu. Ichi ndimachiumirira chifukwa m'chipinda cha mayeso foni siloledwa, ndipo zimandiwawa kuona munthu amene asayinimenti zake zinali zabwino chaka chonse akulephera samu yomweyo pa mayeso. Gwiritsaninso ntchito njira imene funso lapempha. Likati musove pogawa m'mabulaketi, inu nkubwera ndi njira ina imene foni yasankha, malikisi a njira mutaya ngakhale yankho lili lolondola.

Musayese kutsimikizira pojambula chithunzi chomwecho ndi pulogalamu yachiwiri. Ngati mzere wa sikweya ruti ndi wofupika, onse awiri akhoza kuwerenga molakwika mofanana nkugwirizana pa 16. Kufunsa pulogalamu yomweyo ngati yatsimikiza nakonso sikuthandiza, poti ikhoza kubwereza yankho lolakwika molimba mtima, kapena kusintha lolondola chifukwa choti mwaonetsa kukayika.

Zolemba pa pepala lopereka

Pansi pa yankho lililonse lembani mizere iwiri kapena itatu yoonetsa kutsimikizira kwanu. Pa samu yathu ija mungalembe kuti x = 9 akupereka 4 mbali zonse, x = 2 akupereka 3 ndi −3 choncho watayidwa. Ngati munagwiritsa ntchito pulogalamu, lembani dzina lake ndi funso limene inakuthandizani. Pa maphunziro ena, funsani kaye mphunzitsi wake ngati amalola zimenezi, chifukwa chilolezo changa chikuthera pa kalasi ino.